Kalata kwa atsogoleri a Zomba: makapisozi a pamsika ndi a mukhola akutithera jakisoni wa kuchipatala

Kwa Bwana DC, Bwana Mkulu wa zaumoyo m'boma la Zomba, a Meya ndi makhansala athu, komanso akuluakulu oyang'anira ziweto,

Ndikukulemberani ndi ulemu wonse ngati nzika ya mzinda uno yomwe yagwira ntchito mulabotale ya chipatala kwa zaka zambiri. Uthenga umene timamva pawailesi wokhudza tizilombo tosamva mankhwala ndi wakuti wodwala azimaliza mankhwala ake ndipo asamagawireko mnzake. Uthengawo ndi wabwino, koma ukusiya mbali yomwe ikutipweteka kwambiri. Bakiteriya samangobadwa ndi kusamva mankhwala kuchokera kwa kholo lake. Amathanso kulandira mphamvuyi kwa bakiteriya mnzake wamtundu wina, yemwe wangokumana naye m'matumbo a munthu, m'khola la nkhuku kapena mu ngalande. Ndipo polandirapo salandira mphamvu ya mankhwala amodzi okha, amalandira phukusi lonse. N'chifukwa chake makapisozi otchipa amene akugulitsidwa pabenchi ku Chinamwali kapena pa Songani angathe kufooketsa jakisoni wa seftiriyakisoni, yemwe wogula makapisoziwo sanabayidwepo chibadwire.

Ndiloleni ndifotokoze mmene zimachitikira, chifukwa zopempha zanga zagona pamenepo.

Bakiteriya ngati E. coli, yemwe amakhala m'matumbo a aliyense wa ife, amasunga malangizo ake a moyo mu ulusi umodzi waukulu wa DNA wokhala ndi zilembo pafupifupi 5 miliyoni. Zigawo za malangizowo ndi zimene timazitcha majini. Pambali pa ulusi waukuluwo, ambiri amakhalanso ndi timphete ting'onoting'ono ta DNA totchedwa mapulasimidi. Pulasimidi yonyamula kusamva mankhwala nthawi zambiri imakhala ndi zilembo pafupifupi 100,000. Bakiteriya atha kukhala moyo popanda iyo, koma ikakhalapo imadzikopera yokha, ndipo ina imakhala ndi malangizo a momwe ingasamukire kwa bakiteriya wina. Wokhala nayo amatulutsa kachingwe kopyapyala kamene kamagwira mnzake wapafupi n'kumukokera kufupi. Akakhudzana, pulasimidi imadulidwa mbali imodzi ya ulusi wake wophatikiza uwiri, mbali imeneyo imaolokera kwa mnzakeyo, kenako aliyense amamanga mbali yomwe ikusowa. Zonsezi zimatha m'mphindi zowerengeka. Zili ngati kupala moto kwa oyandikana nawo nyumba: wopereka moto wake sunazime, wolandira wakoleza wake, ndipo nayenso atha kupalitsa wina tsiku lomwelo.

Pali njira zina ziwiri. Bakiteriya ena amatola zidutswa za DNA zotayika kwa anzawo amene afa, monga amachitira tizilombo toyambitsa chibayo ndi chinzonono. Ena amalandira majini kudzera mwa mavairasi amene amagwira bakiteriya. Njirazi zilipo ndithu, koma pa tizilombo ta m'matumbo timene tikuvutitsa m'mawodi athu, njira yokhudzana ija ndiyo yaikulu, ndipo ndikhala pa iyoyo.

Nkhaniyi si yatsopano. M'zaka za m'ma 1950, madokotala a ku Japan anadabwa kuona kamwazi woyambitsidwa ndi Shigella akukana mitundu inayi ya mankhwala nthawi imodzi. Kusintha kwa mwangozi kwa majini sikukanabweretsa zinayi pakamodzi. Pofika 1959 anali ataonetsa kuti mphamvuyo inkasamuka yonse pamodzi pakati pa E. coli wamba wa m'matumbo ndi Shigella. Tsono onani apa: E. coli uja sankadwalitsa munthu, ankangosunga phukusilo n'kulipereka kwa mlendo woopsa atafika.

Phukusi limene likuzunza Malawi lero lili ndi jini yotchedwa CTX-M-15. Jiniyi imachititsa bakiteriya kupanga michere imene imadula mankhwala a m'banja la penisilini ndi abale ake asanagwire ntchito, kuphatikizapo amokisilini ndi seftiriyakisoni. Pa pepala la kulabotale bakiteriya otere amalembedwa kuti ESBL. Majini a banja la CTX-M anachokera kwa bakiteriya wina wosatchuka wotchedwa Kluyvera, n'kukwera pa mapulasimidi, ndipo lero ali m'makontinenti onse okhalamo anthu. Ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira 1998, ndipo zotsatira zomwe anatulutsa mu 2017 n'zoopsa. Pakati pa 2003 ndi 2016, E. coli wa ESBL anakwera kuchoka pa osakwana 1 kufika pa 30 mwa 100 alionse. Klebsiella, yemwe amapha kwambiri makanda, anachoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 alionse. Blantyre ali pamtunda wa makilomita osakwana 70 kuchokera kuno, ndipo odwala, amalonda ndi anapiye amayenda msewu umenewu tsiku ndi tsiku.

Tsopano nayi mfundo imene ndikufuna muigwiritse. Pulasimidi yonyamula CTX-M-15 kawirikawiri siyenda ndi jini imodzi yokhayo. Pamphete yomweyo pamakhalanso majini okana bakitirimu, okana tetirasayikilini, okana jentamayisini, ndipo nthawi zina jini yofooketsa siprofulokisasini. Majiniwa anasonkhana pang'onopang'ono chifukwa pali tizidutswa ta DNA timene timadzidula pamalo ena n'kukadzimata pena titanyamula majini oyandikana nato. Atasonkhana chonchi, amapulumuka limodzi. Mankhwala alionse mwa amenewa akalowa m'thupi, amapha bakiteriya opanda pulasimidi n'kusiya okhala nayo, ndipo opulumukawo amakhala atanyamula mndandanda wonse.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Chikanda, woweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba. Anapiye akangofika amawathira m'madzi ufa wachikasu wa m'kapaketi womwe ogulitsa amautcha wa mavitamini, koma ukawerenga timalemba ta kumbuyo umapeza kuti muli okisitetirasayikilini. Anapiyewo sakudwala, akungowateteza. M'matumbo mwawo, E. coli wopanda pulasimidi akufa, wokhala nayo akuchulukana popeza wapeza malo ndi chakudya. Zitosi zikupita kudimba la masamba, zina zikukokoloka ndi mvula, zina zili m'manja mwa mayiyo pamene akutsuka zomwera. Masiku angapo, E. coli wa nkhuku uja ali m'matumbo mwake. Mwina sakhalitsamo, poti bakiteriya wozolowera nkhuku sapikisana bwino ndi eni malo. Koma safunika kukhalitsa. Akangokhudzana ndi E. coli kapena Klebsiella wa mayiyo, pulasimidi yaoloka, ndipo iye ngakhale atatuluka, katunduyo watsala.

Poyamba olandirawo amakhala ochepa kwambiri. Tinene kuti ndi mmodzi pa E. coli 1,000,000 alionse, ndipo mayiyo sakumva kalikonse. Kenako wagwidwa ndi chimfine, wagula bakitirimu wa masiku awiri pagolosale. Chimfine chimayamba ndi vairasi, choncho mankhwalawo sanachikhudze n'komwe, koma m'matumbo agwira ntchito yaikulu. Ngati apha 999 mwa E. coli 1,000 alionse omva mankhwala, uja anali mmodzi pa 1,000,000 tsopano ndi mmodzi pa 1,000, asanayambe n'kuchulukana komwe. Ndipo E. coli akapeza malo abwino amatha kudzigawa pawiri m'mphindi 20 zokha. Pomatha sabata, amene anali wosaoneka ndiye wadzaza m'matumbo.

Miyezi ingapo pambuyo pake mayiyo ali ndi pakati, ndipo E. coli wa m'matumbo wakwera njira ya mkodzo, monga zimachitikira amayi ambiri. Kuchipatala chaching'ono amupatsa amokisilini, osasintha. Matenda afika ku impso, thupi latentha, akunjenjemera, amutumiza ku chipatala chachikulu. Kumeneko amuyamba seftiriyakisoni, ndipo adokotala sanalakwitse, ndi mmene malangizo amanenera. Tsiku lachitatu kutentha kuli pomwepo. Awonjezera jentamayisini, nayenso jini yake ili pamphete yomwe ija. Mayiyu sanabayidwepo seftiriyakisoni moyo wake wonse, ndipo sanasiyirepo panjira mankhwala a kuchipatala. Amene anakonza njira ndi ufa wa anapiye ndi bakitirimu wa chimfine. Otsala amene angamuchiritse ndi monga meropenemu kapena amikasini, okwera mtengo ndiponso osapezeka paliponse.

Nanga tingadziwe bwanji kuti izi n'zimene zachitika? Ndi maso sizitheka. Wodwala wa ESBL amaoneka chimodzimodzi ndi wina aliyense, kupatula kuti sakuchira. Yankho lili pa kambale ka mulabotale. Timatenga mkodzo kapena magazi, makamaka mankhwala asanayambe, n'kumeretsa bakiteriyayo. Akamera timamupaka pa kambale kena kodzaza chakudya chake choundana, n'kuikapo timapepala tozungulira tonyowetsedwa ndi mankhwala osiyanasiyana. Kambaleko kamagona usiku wonse, maola 16 mpaka 18, pa kutentha kwa madigiri 35 mpaka 37. M'mawa ukakatsegula, pamene mankhwala agwira pamakhala bwalo loyera lozungulira kapepala, ndipo timaliyeza ndi rula mu mamilimita. Pamene sanagwire, bakiteriya amamera mpaka kukhudza kapepalako. Kuona kambale kamene timapepala tonse tazingidwa popanda bwalo ngakhale limodzi kumaziziritsa nkhongono, chifukwa umadziwa kuti kuwodi kuli munthu amene akudikira yankho lomwe ulibe.

Pofuna kutsimikiza ESBL timaika timapepala tiwiri. Kena kali ndi sefotakisimu, m'bale wa seftiriyakisoni, yekha, kena kali ndi sefotakisimu pamodzi ndi asidi wa kilavulaniki, yemwe amatseka michere yodula ija. Bwalo la kachiwiri likakula kuposa la koyamba ndi mamilimita 5 kapena kuposerapo, ndiye kuti ndi ESBL. Ntchitoyi sifuna makina a mamiliyoni. Imafuna timapepala tosungidwa mozizira ndi tosapitirira tsiku lake, chakudya cha bakiteriya, magetsi osazimazima usiku, ndi munthu wophunzitsidwa. Chimodzi chikasokonekera, yankho limanama. Kapepala kosungidwa potentha kamatha mphamvu, bwalo limachepa, ndipo bakiteriya womva mankhwala amalembedwa kuti ndi wosamva. Chakudya chikathiridwa chochepa kwambiri m'kambale, bwalo limakula mopitirira, ndipo wosamva amaoneka ngati womva. N'chifukwa chake labotale yabwino imayeza kaye timapepala take pa bakiteriya wodziwika kale isanakhulupirire zotsatira za wodwala.

Pali chizindikiro china chomwe chimaoneka pokhapokha zotsatira zikuwerengedwa pamodzi. Mukaona mu wodi imodzi, m'masabata ochepa, E. coli wa wodwala uyu, Klebsiella wa wodwala uyo ndi Enterobacter wa wina onse akukana mankhwala ofanana ndendende, ganizirani pulasimidi imodzi imene ikuyendayenda. Amene amawerenga mtundu uliwonse pawokha adzati palibe mliri, poti mayina ndi osiyana. Kunena zoona, kufanana kwa mndandanda si umboni wokwanira. Umboni weniweni umafuna kuwerenga DNA yonse, ntchito imene ofufuza a ku Blantyre amachita mothandizana ndi anzawo akunja. Koma chizindikirocho n'chokwanira kuti anamwino ayang'ane masinki, ndowa zokolopera, machubu ndi manja, osadikira zotsatira za miyezi.

Ndisakokomeze. Kusamuka kwa majini kuli ndi malire ake. Pulasimidi ya E. coli imayenda mosavuta pakati pa abale ake a m'matumbo monga Klebsiella, Salmonella ndi Shigella, koma siingakhazikike mwa bakiteriya aliyense. Chifuwa chachikulu chosamva mankhwala sichibwera mwa njira imeneyi, chimabwera ndi kusintha kwa majini a kachilombo komweko, ndipo kumeneko uthenga wa kumaliza mankhwala ndi wofunika kotheratu. Kukana siprofulokisasini kwamphamvu nakonso kumachokera makamaka ku kusintha kotereku. Komanso kunyamula pulasimidi kumamulemera bakiteriya, moti mankhwala akachoka ena amaitaya. Tisadalire zimenezo kwambiri. Mapulasimidi ambiri ali ndi msampha: amapanga poizoni wokhalitsa pamodzi ndi choletsa mphamvu yake chosakhalitsa, kotero kuti mwana wa bakiteriya wobadwa wopanda pulasimidi amafa. Nthawi zina phukusi lonse limachoka pa pulasimidi n'kukadzimata pa ulusi waukulu uja, ndipo likafika pamenepo lakhazikika.

Taifodi watiphunzitsa zimenezi. Ku Gulupu ankapeza odwala taifodi pafupifupi 14 pachaka mpaka 2010. Mu 2014 anapeza 782, ndipo 97 mwa 100 alionse anali ndi kachilombo kokana amokisilini, bakitirimu ndi kuloramfenikolo pamodzi. Mtundu wa kachilomboko, wotchedwa H58, unatola majini amenewa kwa bakiteriya ena kale usanafike kuno. Ku Pakistan, kuyambira 2016, mtundu womwewo unalandiranso pulasimidi ya CTX-M-15, ndipo taifodi wa kumeneko anayamba kukana seftiriyakisoni. Zofunika kuti zimenezo zichitike kuno zilipo kale: taifodi tili naye, ndipo pulasimidi ili m'matumbo a anthu ambiri. Kafukufuku wa m'makomo ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa anapeza bakiteriya a ESBL m'chimbudzi cha anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse, ambiri a iwo osadwala, ndiponso m'madzi a m'mitsinje pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse kamene anayeza. Nyengo ya mvula ankapezeka ochuluka. Katemera wa taifodi amene dziko lathu linayamba kupereka mu 2023 amathandiza pawiri, chifukwa mwana wosadwala taifodi sapatsa kachilomboko mpata wokumana ndi pulasimidi. Chonde limbikitsani kuti ana a m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa asamaphonye.

Chopempha changa chachikulu, Bwana Mkulu wa zaumoyo, chili pa labotale. Ndalama za timapepala, mabotolo a magazi ndi chakudya cha bakiteriya zikhale ndi mzere wakewake mu bajeti, zisamakhale zotsalira mankhwala akagulidwa. Zotsatira zisamathere m'kaundula wa labotale. Pakhale munthu mmodzi wopatsidwa udindo woziphatikiza miyezi itatu iliyonse, wodi ndi wodi, akulemba mndandanda wonse wa mankhwala amene bakiteriya aliyense wakana, osati dzina lake lokha. Kamodzi pachaka, madokotala ndi azachipatala a ku Domasi, Thondwe, Jali ndi Mayaka alandire tsamba limodzi lonena kuti mwa E. coli 100 a m'mkodzo kuno ku Zomba, angati akumva amokisilini, angati bakitirimu, angati seftiriyakisoni. Popanda tsamba limenelo, wachipatala amalemba mankhwala mongoganizira, ndipo akapanda kugwira amalemba ena, aliwonse akuwonjezera mphamvu ya phukusi lomwe lija. M'mawodi, makamaka a makanda ndi a amayi oyembekezera, madzi ndi sopo zisamasowe ngakhale usiku umodzi, chifukwa Klebsiella amayenda pa manja ndipo amakhazikika m'mapaipi a masinki.

Kwa a Meya ndi a khonsolo ya boma, malamulo alipo kale oti maantibayotiki azigulitsidwa m'malo ovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, munthu ataonetsa kalata ya dokotala. Ndikudziwa kuti mayi amene amagula makapisozi anayi pamsika sachita dala. Chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, ndipo nthawi zina akafika amauzidwa kuti akagule yekha. Kulanda katundu wa wogulitsa popanda kukonza zimenezi kungosamutsa malondawo kuchoka pabenchi kupita m'chikwama. Ndiye poyendera misika muziyenda ndi azaumoyo, ndipo mankhwala ofunika asamathe m'zipatala zazing'ono. Pano ndiyenera kunena momveka kuti abale athu amene ali ndi HIV ndipo amamwa bakitirimu tsiku ndi tsiku mwa lamulo la dokotala asasiye. Kwa iwo mankhwalawa amapulumutsa moyo. Amene tikufuna kuchepetsa ndi bakitirimu wa chimfine ndi wa mutu.

Kwa akuluakulu a ziweto, lowani m'mashopu a mankhwala a nkhuku muwerenge mapaketi. Mudzapeza okisitetirasayikilini ndi ena a m'banja la bakitirimu, ndipo yang'anitsitsani ngati mulibe kolisitini. Kolisitini ndi mankhwala omaliza kwa munthu amene ena onse amukanika, ndipo jini yomukana yoyenda pa pulasimidi, mcr-1, inapezeka koyamba ku China mu 2015 mwa nkhumba, m'nyama ya pamsika ndi mwa odwala. China inaletsa kuthira kolisitini m'chakudya cha ziweto pofuna kuzikulitsa pasanathe zaka ziwiri. Mlimi wathu amathira ufawo chifukwa akuopa kuluza mpamba wake wonse, ndipo palibe amene wamuuza njira ina. Alangizi amuonetse katemera wa chitopa ndi wa gumboro pa nthawi yake, utuchi wouma, zomwera zotsuka, ndi kuwoletsa zitosi pamulu mpaka zitatentha zisanapite kudimba.

Pomaliza pali Likangala. Mtsinjewu umadutsa mumzinda, umalandira za m'ngalande ndi zokokoloka m'zimbudzi ndi m'makola nthawi ya dzinja, kenako umathirira mpunga ndi madimba kumunsi usanakathere mu Chilwa, nyanja yopanda potulukira madzi. Anthu amachapamo, ana amasambamo. M'madzi oipa ndi momwe bakiteriya a anthu, a ziweto ndi a m'nthaka amakumana mothithikana. Ndikupempha kuti khonsolo ikambirane ndi Yunivesite ya Malawi, yomwe ili mumzinda momwe muno, kuti ophunzira a sayansi azitunga madzi pa malo anayi okhazikika: kumtunda mtsinje usanalowe mumzinda, pakati pa mzinda, kumunsi kwa malo oyeretsera za m'masuweji, ndi pamene madzi amalowa m'minda ya mpunga. Azitero mwezi ndi mwezi, dzinja ndi chilimwe chomwe, akumeretsa madziwo pa kambale kothira sefotakisimu ndi kena kopanda mankhwala, kuti tidziwe gawo la E. coli amene ali ndi ESBL pa malo alionse. Ziwerengerozo zidzakuuzani ngalande ndi mapaipi oyenera kuyamba kukonza ndi ndalama zochepa zimene muli nazo. Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa msonkhano wotsatira wa komiti ya zaumoyo, ndipo a labotale ndi alangizi a ziweto aitanidwe kudzakhala pa tebulo limodzi.

Ine wanu mwaulemu,
Wogwira ntchito mulabotale wopuma,
Matawale, Zomba